Mawere akutuluka mkaka, msambo waima, koma mulibe pakati: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi amene amayi a kuno ku Angonia, ku Tsangano, ku Makanga ndi m'tauni ya Tete amafunsa kawirikawiri, ena mokweza, ambiri monong'ona anzawo atatuluka m'chipinda cha namwino. Tawaika manambala kuti yankho lina likamaloza linzake musavutike kulipeza.

1. Sindikuyamwitsa, koma ndikafinya bere pamatuluka mkaka. Ndiponso sindinasambe miyezi ingapo. Kodi ndili ndi pakati?

Mwina muli napo, n'chifukwa chake choyamba ndi kuyezetsa mkodzo. Kuyezetsaku kumachitika ngakhale pa chipatala chaching'ono, ndipo zotsatira zimatuluka nthawi yomweyo. Mukakayikira, bwerezani pakapita sabata imodzi kapena ziwiri.

Koma akakuyezani kawiri n'kupeza kuti mulibe, khulupirirani. Alipo amayi amene amakhala chaka chathunthu akudikira mimba imene achibale akuti yabisala kumsana, mpaka nsalu za mwana kugula. Mimba ya miyezi isanu ndi umodzi sibisala. Mkaka ndi kuima kwa msambo zikabwera pamodzi mwa mayi amene alibe pakati ndipo sakuyamwitsa, nthawi zambiri gwero lake ndi homoni yotchedwa prolakitini imene yachuluka m'magazi.

2. Prolakitini n'chiyani, nanga ikukhudzana bwanji ndi msambo?

Ndi homoni imene imauza mawere kuti apange mkaka. Imapangidwa m'kachiwalo kakang'ono ngati njere ya nsawawa kamene kali kunsi kwa ubongo, chakumbuyo kwa mphuno pakati pa maso. Madokotala amakatcha pituitale. Kachiwalo kameneka, kakangosiyidwa, kamatulutsa prolakitini mosalekeza. Chimene chimakagwira ndi dopamini, mankhwala achibadwa amene ubongo umatumiza kumeneko. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ikufotokoza zonse zili pa funso 5 ndi 9: chilichonse chotsekereza dopamini chimakweza prolakitini, ndipo mankhwala ochita ngati dopamini amaitsitsa.

Prolakitini ikachuluka, ubongo umasiya kutumiza uthenga wa mwezi ndi mwezi umene umakhwimitsa dzira. Dzira likapanda kukhwima, chiberekero sichikonza kalikonse koti n'kutaya, ndiye msambo subwera. Zimenezi mumazidziwa kale. Mayi woyamwitsa mwana wakhanda usana ndi usiku amatha miyezi yambiri osasamba, ndipo palibe amadabwa. Vuto limene tikukamba pano ndi thupi kuchita ngati likuyamwitsa pamene mwana palibe.

Magazi a msambo sakuunjikana m'mimba ayi, ndipo si magaziwo amene asanduka mkaka. Sanapangidwe n'komwe.

3. Mwana ndinamusiyitsa bere kale. Mkaka uyenera kuuma liti?

Zimasiyana. Kadontho kotuluka mukafinya mwamphamvu kakhoza kupitirira miyezi yambiri, ena mpaka kupyola chaka, makamaka amene anayamwitsa ana angapo motsatizana, aliyense zaka ziwiri. Ngati msambo ukubwera mwezi uliwonse, kadontho koteroko kawirikawiri si matenda, ndipo ambiri mwa amayi otere akayezedwa prolakitini imapezeka ili bwinobwino.

Nkhani imasintha msambo ukasowa miyezi itatu yotsatizana, kapena mkaka ukamanyowetsa chovala pawokha patapita chaka chisiyireni kuyamwitsa, kapena ukatuluka mwa mtsikana amene sanakhalepo ndi pakati.

Ndipo lekani kufinya tsiku ndi tsiku kuti muone ngati ukadalipo. Bere silisiyanitsa chala ndi kamwa la mwana. Mukamalifinya, ubongo umamva kuti mkaka ukufunika, ndiye umapanga wina. Bambo kunyumba nawonso auzidwe kuti apumitse kaye kuseweretsa mawere kwa masabata angapo.

4. Ndimabayitsa jakisoni wolera. Kodi ndiye wachititsa?

Jakisoni wa miyezi itatu amaimitsa msambo mwa amayi ambiri, makamaka akagwiritsidwa ntchito kupyola chaka, ndipo zimenezo si vuto. Kam'kono nakonso kamatero kwa ena. Ukasiya jakisoni, msambo ukhoza kuchedwa miyezi ingapo, nthawi zina kufika chaka. Choncho mwa mayi wobayitsa, kusasamba pakokha sikutiuza kanthu za prolakitini. Ngati palinso mkaka, nenani kwa namwino wa amayi ndi ana, afunse mafunso ali pa nambala 5 ndi 6. Musangosiya kulera nokha kuti muone chimene chichitike, chifukwa mungathe kutenga mimba imene simunaikonzekere.

5. Ndi mankhwala ati amene amakweza prolakitini?

Funso ili ndi limene timalakalaka aliyense atayamba nalo, chifukwa yankho lake nthawi zambiri limakhala lili m'kachikwama ka mayiyo. Otsogola ndi mankhwala a matenda a maganizo: halopelidolo, kilopromazini, risiperidoni, ndi jakisoni wa fulufenazini amene amabaya pakapita masabata angapo. Onsewa amagwira ntchito potsekereza dopamini, choncho mkaka ndi kuima kwa msambo zimatsatira. Mtsikana amene anayamba mankhwala otere n'kusiya kusamba amatha kunenezedwa mimba kunyumba popanda chifukwa, pamene matenda ake akumuvutitsa kale.

Wina amene anthu samuganizira ndi metokilopramidi, mankhwala oletsa nseru ndi kusanza. Ambiri amagula okha ku famasi akamva m'mimba kudzadza, n'kumamwa miyezi. Metiludopa wa kuthamanga kwa magazi, amene amayi ena amayamba ali oyembekezera n'kungopitiriza atachira, nayenso amakweza. Palinso simetidini wa zilonda za m'mimba, amitiriputilini, ndi mankhwala amphamvu opha ululu monga tramado ndi mofini.

Popita kuchipatala tengani mapaketi onse, ngakhale opanda kanthu, pamodzi ndi kufotokoza zitsamba zimene mukumwa. Metokilopramidi wogula nokha n'ngosavuta: mukasiya, prolakitini imatsika m'masiku atatu kapena anayi. Mankhwala a maganizo ndi nkhani ina. Musawasiye nokha ngakhale tsiku limodzi. Matenda amene ankachizidwa akabwerera amakhala oopsa kuposa mkaka wa pa bulauzi. Pitani kwa amene anakulemberani, auzeni, ndipo iwo angathe kuchepetsa mlingo kapena kusinthira ku mankhwala ena amene sakweza prolakitini kwambiri.

6. Ngati si mimba, si mankhwala, chatsala n'chiyani?

Chithokomiro chofooka ndi chimodzi. Chikamagwira ntchito mochepa, ubongo umachikalipira mwamphamvu, ndipo uthenga womwewo umadzutsanso prolakitini. Mayi wotere amakhala wotopa, amamva kuzizira kuposa anzake (osati kuzizira kwa Juni kwa ku Tsangano kumene aliyense amamva), khungu limauma, amadzimbidwa, thupi limalemera, nthawi zina khosi limatupa. Kuyeza kwake ndi kwa magazi, pa pepala pamalembedwa TSH. Chithokomiro chikathandizidwa ndi levotiroksini, prolakitini imatsika yokha, osafuna mankhwala ena.

Impso zimene zafooka kwambiri zimalephera kuchotsa prolakitini m'magazi. Chilonda cha pachifuwa, kupsa ndi moto, opaleshoni ya pachifuwa kapena mashingozi ozungulira nthiti zimakhudza mitsempha yomwe ija imene mwana amadzutsa poyamwa.

Kenako pali chotupa cha pituitale, chimene anthu amachiopa kwambiri. Za chimenecho onani funso 8. Mwa amayi ena sipapezeka chifukwa chilichonse, prolakitini imangokhala yokwera pang'ono, ndipo ena mwa iwo imadzatsika yokha pakapita nthawi.

7. Amayeza bwanji, ndipo manambala a pa pepala akutanthauza chiyani?

Amatenga magazi pamkono. Si chipatala chilichonse chimene chimayeza homoni imeneyi, ndiye mukhoza kupatsidwa giya, kalata ija yokutumizani kuchipatala chachikulu, kapena kuuzidwa za labu yomwe si ya boma. Ena a m'malire amadutsa pa Kalomwe kapena pa Zobwe kukayezetsa ku Malawi. Kulikonse kumene mwayezetsa, sungani pepalalo, chifukwa nambala yachiwiri imamveka poiyerekeza ndi yoyamba.

Pa pepala la Chipwitikizi mudzaona mawu akuti Prolactina, kenako nambala, kenako ng/mL kapena mUI/L. Miyezo iwiriyi ndi yosiyana kwambiri, ndipo anthu ambiri adzidzimuka pachabe chifukwa chosaiyang'ana. 1 ng/mL ndi pafupifupi 21 mUI/L. Mwa mayi amene alibe pakati, malire ake ali cha pa 25 ng/mL, ndiye kuti cha pa 500 mUI/L. Munthu akaona 400 ayenera kuona kaye chotsatira: 400 mUI/L ndi bwinobwino, pamene 400 ng/mL ndi yokwera kwambiri.

Nambala yapakati pa 25 ndi 50 ng/mL siyenera kuthamangitsa munthu. Mantha a jakisoni, kuyenda ulendo wautali pa njinga, kugonana usiku wathawo kapena kufinya bere m'mawa womwewo zimakweza pang'ono. Yotere amabwereza, mayi atakhala pansi kupuma kaye, mawere osakhudzidwa. Mankhwala a pa funso 5 ndi chithokomiro kawirikawiri zimaika nambala pansi pa 100, ngakhale risiperidoni ndi metokilopramidi amatha kupyola 200. Ikadutsa 250 mwa munthu amene sakumwa mankhwala otere, mpata waukulu ndi wakuti pali chotupa chopanga prolakitini, ndipo nambala ikamakula nachonso chimakhala chachikulu.

Pali msampha umodzi umene dokotala wosamala amaudziwa. Chotupa chikakhala chachikulu kwambiri, prolakitini imachuluka mpaka kusokoneza makina ena, n'kutulutsa nambala yaing'ono yabodza. Munthu amene maso akuvuta koma nambala ndi yochepa, magazi ake amawasungunula n'kuyezanso.

8. Akuti mwina ndili ndi chotupa m'mutu. Kodi ndi khansa?

Pafupifupi nthawi zonse si khansa. Dzina lake ndi prolakitinoma, ndipo ndi kagulu ka maselo a pituitale amene achulukana n'kumapanga homoni mopyola. Sichimwazikira ku ziwalo zina. Mwa amayi, zambiri zimakhala zosafika mamilimita 10, ndiye kuti zosafika sentimita imodzi, ndipo zochuluka mwa zimenezi sizikula ngakhale papite zaka. Si chotupa cha ubongo weniweni, chili kunsi kwake m'kachibowo ka fupa.

Zofika mamilimita 10 kapena kupyola ndi zimene timazisamala. Pamwamba penipeni pa pituitale pamadutsana mitsempha ya maso, ndipo chotupa chikakula chimaikankha. Choyamba kutayika ndi kuona kwa m'mbali. Munthu amaona bwinobwino chimene chili patsogolo pake, koma amagunda mafelemu a zitseko, kapena njinga yamoto imamudzidzimutsa itafika kale pambali. Mukhoza kudziyesa: tsekani diso limodzi, yang'anani chinthu chimodzi kutsogolo, wina abweretse chala kuchokera kumbali ya khutu, muone pamene mwayamba kuchiona. Kenako diso linalo.

Chotupachi chimaoneka bwino pa sikani ya MRI. Makina amenewa ali m'zipatala zochepa za m'mizinda ikuluikulu, ndipo ulendo wake umadya ndalama. Sikani ya CT imaonetsa zotupa zazikulu koma imaphonya zazing'ono. Amene sayenera kuzengereza sikani ndi amene mutu ukumupweteka mosalekeza, maso asintha, kapena nambala yake ndi ya m'mahandiredi.

Mutu ukangoyamba mwadzidzidzi mwamphamvu, pamodzi ndi kusanza, kuona zinthu ziwiriziwiri, chikope kugwa kapena maso kuchita mdima, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Nthawi zina magazi amatuluka m'kati mwa chotupa, ndipo zimenezo sizidikira mawa.

9. Chithandizo chake n'chotani? Adzang'amba mutu?

Ambiri sachitidwa opaleshoni. Prolakitinoma imamvera mapiritsi, ngakhale yaikulu, ndipo imafota. Mankhwala ake ndi awiri, onse ochita ngati dopamini.

Bromokiriputini ndi wakale. Piritsi lake ndi la mamiligalamu 2.5, koma sayamba ndi lathunthu. Mumayamba ndi theka, usiku, mutadya, mukupita kukagona. Pakapita masiku angapo dokotala amakweza pang'onopang'ono mpaka piritsi limodzi kawiri kapena katatu pa tsiku. Amene amayamba ndi lathunthu m'mawa m'mimba mulibe kanthu amachita nseru, chizungulire chimamugwetsa akamadzuka, ndipo pofika tsiku lachitatu amakhala atataya mankhwalawo kuchimbudzi n'kumauza anzake kuti ndi oipa. Nseru, mphuno kutsekeka ndi chizungulire zimachepa thupi likazolowera. Podzuka yambani mwakhala tsonga kaye.

Kabegolini ndi watsopano, amamwa kawiri pa sabata basi, kuyambira mamiligalamu 0.25, ndipo savuta kwambiri m'mimba. Amatsitsa prolakitini mwa anthu ambiri kuposa mnzakeyo, koma ndi wokwera mtengo. Ngati amene mungathe kumupeza mwezi uliwonse osadukiza ndi bromokiriputini, imwani ameneyo. Kumwa kabegolini mwezi umodzi n'kusowa miyezi iwiri sikuthandiza.

Mankhwalawa si a aliyense amene prolakitini yake yakwera. Wa chithokomiro amathandizidwa chithokomirocho. Amene akumwa mankhwala a maganizo sayenera kupatsidwa bromokiriputini popanda dokotala wake wa maganizo kudziwa, chifukwa amalimbana ndi mankhwala akewo ndipo matenda angayambirenso. Anthu ochepa amasintha khalidwe akamamwa: kuyamba juga, kumwaza ndalama, chilakolako chopyola. Achibale akaona zotere anene.

Opaleshoni ndi ya amene mankhwala akanika kapena sakuwapirira, ndipo kawirikawiri amadutsira m'mphuno.

10. Mungatipatse chitsanzo cha mmene zimayendera?

Tiyerekeze mayi wa zaka 29 wa ku Domwe, wa ana awiri. Wamng'ono anasiya bere zaka ziwiri zapitazo. Msambo unabwerera, kenako unayamba kudumphadumpha, ndipo tsopano watha miyezi isanu ndi iwiri osauona. Mawere onse awiri akutuluka mkaka woyera. Salera. Apongozi ake akuti ndi mimba, bambo akunyumba ayamba kufunsa chifukwa chake mimbayo sikuoneka, ndipo iye sanauze munthu kuti pogonana akumva kuuma ndi kuwawa.

Ku Ulongwe amuyeza mkodzo kawiri: palibe. Mankhwala amene wamwa chaka chino ndi panado ndi a malungo basi, choncho funso 5 latsekedwa. M'mawere mulibe chotupa. Mutu sumupweteka, ndipo chala amachiona bwino mbali zonse. Apita ku Tete ndi giya. TSH yatuluka bwino, impso zili bwino, prolakitini ndi 96 ng/mL. Pa pepala la labu ina nambala yomweyo ikanalembedwa cha pa 2000 mUI/L.

Nambalayi ndi yokwera pafupifupi kanayi, yoposa imene mantha angabweretse, ndipo zifukwa zina zachotsedwa. Chimene dokotala akuganizira kwambiri ndi prolakitinoma yaing'ono. Sikani ikufunika, chifukwa chotupa chachikulu cha mtundu wina, chongotsekereza njira ya dopamini, chimathanso kupereka nambala ngati imeneyi. Banja liyamba kusonkha ya ulendo likagulitsa mbatata ya kachewere, ndipo dokotala, poona kuti maso ali bwino, ayambitsa bromokiriputini: theka usiku sabata yoyamba, lathunthu usiku sabata yachiwiri, kenako limodzi m'mawa limodzi usiku. Amuuza kuti maso kapena mutu zikasintha abwere msanga.

Pakutha pa mwezi umodzi prolakitini yafika 31. Mkaka wachepa koma sunathe. Sabata yachisanu ndi chiwiri msambo wabwera. Mwezi wachitatu nambala ndi 14, ndipo sikani yaonetsa kachotupa ka mamilimita 6.

Kenako achita zimene ambiri amachita. Poona kuti wachira, ndipo nyengo yolima yafika, asiya mankhwala. Miyezi iwiri isanathe msambo wasowanso. Nthawi ino choyamba ndi kuyezanso mkodzo, chifukwa tsopano mimba ndi yotheka ndithu. Palibe, prolakitini yabwerera pa 80, ndipo ayambiranso pa theka.

11. Ndimwa mpaka liti?

Pa prolakitinoma, dokotala saganiza zoleka zisanathe zaka ziwiri, ndipo amatero pokhapokha nambala yakhala yabwino nthawi yonseyo ndipo chotupa chafota kwambiri kapena sichikuonekanso. Amachepetsa pang'onopang'ono, n'kumayeza miyezi itatu iliyonse chaka choyamba, chifukwa mwa anthu ambiri imakweranso. Mayi wa chotupa chaching'ono akafika msinkhu wosiya kusamba, nthawi zambiri mankhwala amatha kulekedwa.

12. Kodi ndidzaberekanso?

Ambiri amabereka. Pa zifukwa zonse zolepheretsa kutenga pakati, ichi ndi chimodzi mwa zomvera mankhwala kwambiri. Chenjezo ndi lakuti dzira limatuluka pafupifupi masabata awiri msambo woyamba usanaoneke. Mayi akhoza kutenga pakati asanasambe n'kamodzi komwe, n'kumaganiza kuti mankhwala sakugwira. Amene sakufuna mwana panopa ayambe kulera tsiku lomwe wayamba mankhwala. Amene akufuna, ndi bwino agwiritse kondomu mpaka asambe kawiri kapena katatu kuti masiku awerengeke, ndipo wa chotupa chachikulu adikire chiyambe chafota.

Mimba ikatsimikizika, uzani dokotala msanga. Wa chotupa chaching'ono kawirikawiri amamuleketsa mankhwala, ndipo n'kamodzikamodzi kuti chikule mpaka kuvuta. Wa chachikulu amamuyang'anira maso pafupipafupi, ena amapitiriza mankhwala. Kuyeza prolakitini muli oyembekezera sikuthandiza, popeza mimba imaikweza yokha kakhumi. Chimene mumayang'anira ndi mutu ndi maso. Mwana akabadwa, wa chotupa chaching'ono amayamwitsa ngati wina aliyense, ndipo mankhwala amadikira mpaka mwana atasiya bere, chifukwa amaumitsa mkaka.

13. Ana ndili nawo okwanira, ndipo kusasamba sikundivuta. Ndingangozisiya?

Ayi, osayezetsa ayi. Dzira likaleka kukhwima, homoni ya chikazi yotchedwa esitirojeni imatsika ngati ya agogo. Kuuma kumaliseche ndi kutha kwa chilakolako zimachokera pamenepo, ndipo mafupa amayamba kuchepa mphamvu mwakachetechete. Mayi wa zaka 30 akakhala zaka zisanu chonchi, mafupa amene wataya sabwerera onse. Kwa amene chotupa chake ndi chaching'ono ndipo safuna mimba, dokotala nthawi zina amasankha mapiritsi olera a mahomoni awiri m'malo mwa bromokiriputini, kuti ateteze mafupa. Mkaka wokha mapiritsiwo sauumitsa.

14. Zotuluka m'bere langa si zoyera ngati mkaka. Ndi zomwezi?

Si zomwezi. Mkaka wa prolakitini umakhala woyera kapena wotuwira, kawirikawiri umatuluka mawere onse awiri, ndipo ukafinya umaonekera m'timabowo tingapo pansonga. Zamagazi, zofiirira kapena zooneka ngati madzi, zochokera bere limodzi, pabowo limodzi, zotuluka zokha, zimaloza vuto la m'bere momwemo. Nthawi zambiri ndi kanjerewere ka m'njira ya mkaka, koma khansa ya m'mawere imathanso kuyamba choncho, makamaka ngati pali chotupa, nsonga yalowa m'kati kapena khungu lachita ngati khoko la lalanje. Zotere zimafuna dokotala aone bere ndi kulijambula, osati kuyeza prolakitini. Mafinya okhala ndi kutentha, kufiira ndi ululu ndi matenda a tizilombo, ndipo amafuna mankhwala ake msanga.

15. Ine ndi zosiyana: ndinataya magazi ambiri pobereka, mkaka sunabwere, ndipo msambo sunabwererenso.

Kachiwalo ndi komweko, koma vuto ndi lotembenuka. Pituitale imakula mayi akakhala woyembekezera, ndipo akataya magazi ambiri pochira ikhoza kusowa magazi n'kuwonongeka. Pamenepo prolakitini imakhala yochepa, ndipo mahomoni ena oyendetsa chithokomiro ndi mphamvu za thupi amatsikanso. Mayi amafooka, tsitsi la m'khwapa ndi la pachinena limathothoka, amachita chizungulire, ndipo malungo wamba akhoza kumugwetsa moopsa. Bromokiriputini alibe ntchito pamenepa. Pofotokoza kuchipatala, tchulani za kutaya magazi kuja ngakhale papita zaka khumi, komanso ngati anakuikani magazi, chifukwa popanda mbiri imeneyo kufookako amangokuyesa kuchepa kwa magazi n'kukupatsani mapiritsi a ayironi.